Kaundula wa Mabeti: Kuyeza Phindu, Kupambana ndi Kutsika kwa Thumba

Mukafunsa munthu wobetcha mpira kuti mwezi watha zinamuyendera bwanji, amakuuzani za tikiti imodzi, ija ya matimu asanu ndi limodzi imene inadya Loweruka lachiwiri. Amakumbukira ngakhale mphindi imene chigoli chomaliza chinalowa. Matikiti makumi atatu a K500 ndi K1,000 amene anapsa mkati mwa sabata sawatchula. Sikuti akunama. Mutu wa munthu umasunga tsiku la chimwemwe, koma ndalama zing'onozing'ono zotuluka tsiku ndi tsiku zimadutsa ngati madzi m'dengu. Ntchito ya kaundula ndi kusunga zimene mutu umataya, ndipo sipuredishiti, kaya ndi Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc, imaposa kope chifukwa imawerengera yokha. Ngakhale pafoni imatheka.

Ndinene poyera pachiyambi pomwe: kaundula sapambanitsa munthu. Maodi amapangidwa mwakuti kampani izitsala ndi gawo lake, ndipo ambiri amene alemba mabeti awo moona amapeza nambala yofiira pansi. Koma nambala imeneyo ndi yanu, ndipo muyenera kuidziwa monga momwe wogulitsa tomato amadziwira kuti mpamba wake ukukula kapena ukudyeka.

Mzere umodzi, tikiti imodzi

Mzere woyamba ukhale wa mitu, ndipo tikiti iliyonse itenge mzere wake kuyambira wachiwiri. Kolamu A ndi tsiku. B ndi masewero, monga Bullets ndi Wanderers. C ndi mtundu wa beti: wopambana, zigoli, onse agoletse, kapena malitibeti, ndiye kuti matimu angapo pa tikiti imodzi. D ndi siteki, E ndi odi, F ndi zotsatira, G ndi ndalama zimene zabwerera. Makolamu asanu ndi awiriwa ndiwo olemba ndi dzanja. Ena onse amadzaza okha.

Makolamu A mpaka E muwalembe mukangoika beti, mpira usanayambe. Lamulo ili ndilo msana wa kaundula yense. Munthu amene amalemba madzulo masewero atatha amalemba mwachangu tsiku limene wadya, koma tsiku limene wadyedwa amati ndilemba mawa, ndipo mawalo silifika. Pakatha miyezi iwiri kaundula wake amaonetsa phindu pamene m'foni mulibe kanthu. Amene amabetcha m'shopu ali ndi vuto lina: pepala la tikiti ndi lija la makina otentha, lofanana ndi lisiti la m'sitolo, ndipo likakhala m'thumba la buluku kapena padzuwa masiku ochepa, zilembo zimafufutika n'kutsala kapepala koyera. Lijambuleni ndi foni musanatuluke pakhomo.

Mu F musalembe chilichonse chimene chabwera m'mutu. Sankhani mawu anayi okha: wina, luza, bweza, kashi. Bweza ndi beti imene yathetsedwa, mwachitsanzo masewero akalephereka, siteki n'kubwerera yonse. Kashi ndi pamene mwatulutsa ndalama masewero asanathe. Gwiritsani ntchito `Data validation` kuti kabokosi kazikana mawu ena alionse, chifukwa "wina" wokhala ndi mpata kumapeto kwake, umene diso siliona, fomula samuwerenga ngati wina.

Kolamu G anthu ambiri amaidzaza ndi fomula yochulukitsa siteki ndi odi. Ine ndimati ilembeni ndi dzanja, potengera ndalama zenizeni zimene zalowa mu akaunti. Siteki kuchulukitsa ndi odi ndi lonjezo chabe. Zimene zimafika m'manja zimatha kusiyana chifukwa cha msonkho wodulidwa pa zopambana, bonasi ya malitibeti, kapena timu imodzi pa tikiti imene masewero ake athetsedwa n'kutsitsa odi yonse. Beti yoluza muilembe 0, yobwezedwa muilembe siteki yake.

Mu kabokosi P1 lembani thumba loyambira, ndiye kuti ndalama zimene mwapatula kuti ndi za kubetcha basi. Kenako mu mzere 2 ikani mafomula awa, kuyambira H mpaka L, n'kuwakokera pansi:

```
H2: =IF(F2="","",G2-D2)
I2: =$P$1+SUM(H$2:H2)
J2: =MAX($P$1,I$2:I2)
K2: =J2-I2
L2: =K2/J2
```

H ndi phindu kapena kuluza kwa tikitiyo, ndipo imakhala yopanda kanthu mpaka zotsatira zitalembedwa, kuti beti imene ikudikira isaoneke ngati yaluza kale. I ndi thumba monga lilili pambuyo pa tikitiyo. J ndi nsonga, ndalama zambiri koposa zimene thumba linafikapo. K ndi mtunda wochokera pansongapo kufika pamene muli, ndipo L ndi mtunda womwewo mu peresenti. Chizindikiro cha `$` musachiiwale: ndicho chimakhomerera chiyambi pa mzere 2 pamene mapeto akutsika nanu. Ngati pulogalamu yanu ikukana fomula, yesani `;` m'malo mwa `,` chifukwa makompyuta ena anachunidwa motero.

Mabeti khumi

Tiyerekeze kuti thumba loyambira ndi K50,000 ndipo munthu waika mabeti khumi motere:

| Beti | Siteki | Odi | Zotsatira | Phindu | Thumba |
|---|---|---|---|---|---|
| 1 | 1000 | 1.80 | wina | 800 | 50800 |
| 2 | 1000 | 2.10 | luza | -1000 | 49800 |
| 3 | 1000 | 1.50 | wina | 500 | 50300 |
| 4 | 1000 | 2.40 | wina | 1400 | 51700 |
| 5 | 1000 | 1.90 | luza | -1000 | 50700 |
| 6 | 1000 | 3.20 | luza | -1000 | 49700 |
| 7 | 1000 | 1.70 | bweza | 0 | 49700 |
| 8 | 3000 | 1.60 | luza | -3000 | 46700 |
| 9 | 1000 | 2.00 | wina | 1000 | 47700 |
| 10 | 1000 | 1.45 | wina | 450 | 48150 |

Msonkho sindinauikemo kuti masamu aoneke bwino. Munthu uyu akafunsidwa anganene moona kuti amapambana kwambiri kuposa momwe amaluzira, kasanu kwa kanayi. Komabe thumba lake lachepa ndi K1,850. Tiyeni tione chifukwa chake.

Mlingo wopambana, nambala yokoma yomwe imapusitsa

Umene akadaulo amautcha sitiraiki reti ndi chiwerengero cha mabeti opambana pa mabeti onse amene anafika pamapeto. Obwezedwa sawerengedwa, chifukwa sanapambane ndipo sanaluze. A kashi nawonso ndibwino kuwasiya panja pa nambala iyi, popeza sakuonetsa ngati kulosera kwanu kunali kolondola.

```
=COUNTIF(F:F,"wina")/(COUNTIF(F:F,"wina")+COUNTIF(F:F,"luza"))
```

M'chitsanzo chathu ndi 5 pa 9, kapena 55.6 peresenti. Nambala imeneyi payokha siinena kanthu, chifukwa odi iliyonse ili ndi mlingo wake umene muyenera kufika kuti mungobweza mpamba. Mumaupeza pogawa 1 ndi odi. Pa 2.00 mufunika kupambana theka la mabeti. Pa 1.50 mufunika 66.7 peresenti. Pa 1.25 mufunika 80 peresenti.

Taganizirani anthu awiri, aliyense waika mabeti 100 a K1,000. Woyamba amakonda "zotsimikizika", matimu akuluakulu akamasewera pakwawo pa odi ya 1.25, ndipo wapambana 75. Beti iliyonse yopambana yamupatsa K250, zonse K18,750, koma 25 zoluza zamudyera K25,000. Waluza K6,250. Wachiwiri amabetcha pa 3.00 ndipo wapambana 35 zokha. Walandira phindu la K70,000, waluza K65,000, watsala ndi K5,000. Woyamba uja amasangalala masiku atatu pa anayi alionse, ndipo ndiye amene anzake amamupempha matimu. Pachifukwa chomwechi, munthu wogulitsa matipi akakuuzani kuti amalondola mabeti asanu ndi atatu pa khumi, funso loyamba ndi lakuti pa odi yanji. Pa 1.20, asanu ndi atatu pa khumi ndi kuluza, popeza pamenepo pamafunika 83.3 peresenti.

Kuti muyerekeze mlingo wanu ndi umene umafunika, onjezani kolamu M yokhala ndi `=1/E2`, n'kupeza pakati pa manambalawo pa mabeti a wina ndi luza. Musachite motembenuza, kupeza kaye odi yapakati kenako n'kugawa 1, chifukwa odi imodzi yaikulu imakokera chiwerengero kumwamba n'kukuonetsani mpanda waufupi kuposa weniweni. Pa mabeti athu asanu ndi anayi, odi yapakati ndi 1.99, zimene zingakuuzeni kuti 50 peresenti ikukwana. Kolamu M ikupereka 53 peresenti. Munthu wathu anafika 55.6, ndiye kuti pa kulosera anadumpha mpanda pang'ono. Choncho vuto lake lili pena.

Yiludi

Yiludi ndi phindu lonse kugawa ndi ndalama zonse zimene mwabetcha. Imayankha funso ili: pa K100 iliyonse imene yadutsa m'manja mwa kampani, ndatsala ndi zingati kapena ndasiya zingati?

```
=SUM(H:H)/SUMIFS(D:D,F:F,"<>bweza",F:F,"<>")
```

Gawo lapansi likuphatikiza masiteki onse kupatula obwezedwa ndi amene akudikira. Kwa munthu wathu ndi K11,000, ndipo K1,850 yoluza pa K11,000 ndi yiludi ya -16.8 peresenti. Mukaiwala kuchotsa wobwezedwa uja mupeza -15.4, nambala yooneka bwinoko pang'ono popanda chifukwa.

Anthu amasokoneza yiludi ndi kukula kwa thumba. Thumba la munthuyu latsika ndi 3.7 peresenti yokha, kuchoka pa K50,000 kufika K48,150, ndipo iye angadzitonthoze kuti si zambiri. Koma ndalama ya kubetcha imazungulira. K50,000 yomweyo ikhoza kubetchedwa kangapo pamwezi, n'kupanga masiteki okwana K300,000. Ndi yiludi ya -7 peresenti, imene imaoneka yaing'ono, ameneyo wataya K21,000, pafupifupi theka la thumba. Yiludi imadya pa masiteki onse, osati pa ndalama imene munaika koyamba.

Tsopano yang'anani beti ya nambala 8. Pambuyo poluza kawiri ndi kubwezeredwa kamodzi, siteki yakwera katatu, pa odi yotsika, yooneka yosalephera. Uku ndi kuthamangitsa ndalama yotayika, ndipo pa kaundula kumaoneka ndi maso: nambala yonenepa pansi pa mizere yofiira. Beti imeneyo ikanakhala ya K1,000 ngati zinzake, munthuyu akanatsala ndi phindu la K150 pa masiteki a K9,000, yiludi ya +1.7 peresenti. Matimu omwewo, maodi omwewo. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga yiludi ziwiri, yeniyeni ndi ya siteki yofanana. Yachiwiriyo mumaipeza poika `=H2/D2` mu kolamu N pa mabeti a wina ndi luza, n'kupeza pakati pake ndi `AVERAGE`. Ya siteki yofanana imayeza kulosera kwanu. Yeniyeni imayeza kulosera pamodzi ndi mtima wanu. Yeniyeni ikamakhala pansi pa inzakeyo mwezi ndi mwezi, ndiye kuti mumaika ndalama zambiri pa mabeti anu oipitsitsa, ndipo kawirikawiri ndi aja oikidwa mutakwiya.

Kodi yiludi yoyembekezeka ndi yotani? Maodi amene mukuwaona amanena okha. Tengani masewero amene eni bwalo ali pa 2.10, kufanana mphamvu pa 3.20, alendo pa 3.40. Gawani 1 ndi iliyonse: 47.6, 31.3 ndi 29.4 peresenti. Mukaphatikiza mupeza 108.3, pamene zotheka zonse pa mpira ziyenera kukwana 100. Zapamwambazo ndi gawo la kampani. Munthu wosankha mwachisawawa pa msika wotere, pakapita nthawi amabwezeredwa pafupifupi K92 pa K100 iliyonse, yiludi ya -7.6 peresenti. Pa malitibeti gawolo limachulukitsidwa ndi timu iliyonse yowonjezera. Matimu asanu a mtundu umenewu pa tikiti imodzi amabweza pafupifupi K67 pa K100, bonasi isanaikidwe. Ichi n'chifukwa chake kolamu C ndi yofunika. Siyanitsani yiludi ya malitibeti ndi ya mabeti a timu imodzi:

```
=SUMIFS(H:H,C:C,"malitibeti")/SUMIFS(D:D,C:C,"malitibeti",F:F,"<>bweza",F:F,"<>")
```

Malitibeti ilembedwe mzere umodzi, ndi siteki imodzi ndi odi yake yonse. Mukalemba timu iliyonse mzere wake, mlingo wopambana umakwera mwabodza, popeza matimu anayi "apambana" pa tikiti imene yapsa ndi lachisanu.

Mabeti angati ndi okwanira

Apa ndi pamene kaundula wolembedwa bwino amasocheretsa mwini wake. Mabeti khumi sanena kanthu za luso la munthu. Taona kale kuti beti imodzi yasuntha yiludi kuchoka pa +1.7 kufika pa -16.8. Ngakhale zana limodzi ndi lochepa, ndipo pali njira yosavuta yoyezera kuti mwayi wokha ungagwedeze yiludi mpaka pati. Chotsani 1 pa odi imene mumabetchapo kawirikawiri, gawani ndi chiwerengero cha mabeti, kenako pezani muzu wake:

```
=SQRT((2.00-1)/100)
```

Pa odi ya 2.00 ndi mabeti 100 a siteki yofanana, yankho ndi 0.10, kutanthauza kuti yiludi imene mukuiona imatha kusiyana ndi yeniyeni ndi mapointi 10 kumwamba kapena pansi, ndipo nthawi zina kuwirikiza pamenepo. Munthu amene yiludi yake yeniyeni ndi -5 peresenti akhoza kuona +5 kapena kuposa pambuyo pa mabeti 100, ndipo zimenezi zimachitikira pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi otere. Pa gulu la obetcha makumi atatu, ndiye kuti anthu ngati asanu adzaoneka akatswiri kwa miyezi ingapo popanda luso lililonse loposa anzawo. Pa mabeti 400 kugwedezekako kumatsika kufika mapointi 5. Kuti kufike pa 2 pamafunika mabeti 2,500. Pa odi ya 5.00 kumawirikiza kawiri, ndipo pa malitibeti za odi ya 30 kapena 50, tikiti imodzi yodya imatha kukongoletsa kaundula wa chaka chonse.

Muikumbukire nambala iyi pamene mukugawa kaundula m'zigawo. N'kosavuta kupeza kuti mabeti a zigoli a ligi ya ku Germany akukupatsani +30 peresenti, koma mukawawerenga n'kupeza kuti alipo 14. Mukadula kaundula m'zidutswa makumi awiri, chimodzi chidzawala basi. Choncho pafupi ndi yiludi iliyonse pazikhala kabokosi ka chiwerengero cha mabeti ake, ndipo diso liziyamba kuona kameneko. Yiludi yoipa imatsimikizika msanga kuposa yabwino, chifukwa ikugwirizana ndi zimene maodi ananena kale. Yabwino ndiyo iyenera kudikira umboni wautali.

Chigwa

Dirodauni, imene pano ndiitcha chigwa, ndi kutsika kwa thumba kuchokera pa nsonga yake. Siyezedwa kuchokera pa ndalama yoyambira. Munthu wathu anafika pa K51,700 pa beti yachinayi, n'kutsika mpaka K46,700 pa yachisanu ndi chitatu. Chigwa chake chachikulu ndi K5,000, kapena 9.7 peresenti ya nsonga, ngakhale kuti poyerekeza ndi K50,000 yoyambira anali atatsika ndi K3,300 yokha. Mafomula ake ndi `=MAX(K:K)` ndi `=MAX(L:L)`. Onaninso kuti pa beti yakhumi, atapambana kawiri motsatizana, adakali m'chigwa ndi K3,550. Chigwa sichitha mpaka thumba litadutsa nsonga yakale.

Yiludi imanena za kumapeto kwa ulendo, chigwa chimanena ngati mudzafikako. Kutsika ndi kukwera sikufanana msinkhu. Thumba likatsika ndi 20 peresenti, pamafunika kukwera ndi 25 peresenti kuti libwerere. Likatsika ndi theka, liyenera kuwirikiza kawiri. Ndipo kuluza motsatizana kumabwera kwa aliyense, ngakhale wolosera bwino. Pa mabeti 500, munthu amene amapambana theka la nthawi ayembekezere mndandanda wa kuluza pafupifupi kasanu ndi katatu motsatizana. Amene amapambana atatu pa khumi ayembekezere wofika 14 kapena kuposa. Awa ndi masamu wamba, osati tsoka kapena kulodzedwa.

Ikani zimenezi pa thumba la K50,000. Ndi siteki ya K1,000, imene ndi 2 peresenti ya thumba, kuluza ka 14 ndi chigwa cha 28 peresenti. N'chowawa, koma thumba lilipo. Ndi siteki ya K5,000, thumba latha pa beti yakhumi, mndandandawo usanathe n'komwe. Chigwa chenicheni chimakhalanso chozama kuposa mndandanda umodzi, chifukwa pamatha kubwera kuluza kasanu ndi kamodzi, kupambana kamodzi, kenako kuluza kwina kasanu. Choncho mukaona chigwa chachikulu cha kaundula wanu, musachitenge ngati malire. Ndi chachikulu pa zimene zachitika mpaka lero, ndipo kaundula akamatalika, chozama choposa chimakhala chikubwera.

Yezaninso utali wake, chifukwa munthu amatopa ndi nthawi kuposa kuzama. Mu kolamu O ikani chowerengera mabeti amene mwakhala pansi pa nsonga:

```
O2: =IF(K2>0,1,0)
O3: =IF(K3>0,O2+1,0)
```

Kokerani O3 pansi. Nambala iyi ikafika 60, 80, 100 thumba lisanaonenso nsonga, ikunena zinthu zimene tikiti imodzi yodya dzulo ikubisa. Mukajambula kolamu I ndi J pa tchati chimodzi cha mizere, J imaoneka ngati masitepe okwera, I imalendewera pansi pake, ndipo mpata wapakati ndiwo chigwa. Pa akaundula ambiri mzere wa J umagona chogona kuyambira sabata yachiwiri osadzukanso.

Chigwa chimadalira ndondomeko ya mizere. Mukasanja kaundula potengera odi kapena ligi, makolamu I mpaka L amawerengedwanso m'ndondomeko yatsopanoyo n'kupereka chigwa chimene sichinachitikepo. Yiludi ndi mlingo wopambana sizisintha, koma chigwa chimasintha. Gwiritsani ntchito `Filter` poona zigawo, ndipo tsamba lalikulu lisiyeni m'ndondomeko ya masiku.

Ndalama zothira ndi zotapa

Cholakwika chachikulu koposa pa chigwa ndi kuthira ndalama zatsopano mu kolamu ya thumba. Thumba latsika kufika K30,000, mwezi watha, malipiro alowa, munthu watumiza K20,000 kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kuilemba mu I. Kaundula akuonetsanso K50,000, chigwa chafufutika, ndipo K20,000 ya ufa ndi lendi yalowa m'dzenje popanda chizindikiro. Kolamu I isinthidwe ndi phindu kapena kuluza kwa mabeti basi. Zothira ndi zotapa zikhale pa tsamba lachiwiri, ndi tsiku, kuchuluka, ndi ndalama imene yadulidwa potumiza kapena potapa. Zodulidwazo sizilowa mu yiludi, koma ziphatikizeni pamwezi, chifukwa kwa wobetcha ndalama zochepa amene amatapa pafupipafupi zimatha kumeza kaphindu konse.

Mabeti aulere a bonasi nawonso apatseni dzina lawo mu C ndipo muwachotse powerengera yiludi. Siteki yake sinatuluke m'thumba mwanu, ndipo nthawi zambiri ikapambana mumalandira phindu lokha popanda sitekiyo. Mukaisakaniza ndi enawo, imakometsera luso lanu ndi mphatso ya kampani.

Kamodzi pa sabata, tsiku limene palibe beti yodikira, yerekezani kaundula ndi ndalama zenizeni. Zonse zimene munathira, kuchotsa zonse zimene munatapa, kuphatikiza `SUM(H:H)`, ziyenera kufanana ndi zimene zili mu akaunti, kapena mu maakaunti onse ngati muli ndi angapo. Zikasiyana, pafupifupi nthawi zonse akaunti ndiyo imakhala yochepa, ndipo kusiyanako ndi matikiti amene sanalembedwe: ka K200 ka mpira wa pakompyuta usiku, kapena beti ya mkati mwa masewero yoikidwa mothamanga theka lachiwiri litayamba. Tsegulani mbiri ya mabeti mu akaunti n'kuwalemba onse. Amenewonso apatseni dzina lawo mu C, chifukwa nthawi zambiri pamenepo ndi pamene pali chiboo.

Kusiyana kwina kumachokera mu sipuredishiti momwemo. Mukalemba siteki ngati K1,000, ndi chilembo K kutsogolo, pulogalamu imaiona ngati mawu, ndipo `SUM` imaidumpha mwakachetechete. Masiteki onse amachepa, ndipo mukangolemba zotsatira, fomula ya mu H imaonetsa `#VALUE!`, thumba ndi yiludi n'kusokonekera. Chizindikiro chake n'chakuti nambala yotere imatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene zinzake zili kumanja. Pa kaundula wautali yesani `=COUNTA(D2:D2000)-COUNT(D2:D2000)`. Yankho liyenera kukhala 0, ndipo likakhala 3, pali masiteki atatu amene sakuwerengedwa. Odi nayo imatha kusanduka tsiku pa foni kapena kompyuta imene inachunidwa kugwiritsa ntchito `,` m'malo mwa kadontho. Mukaona 1.5 yasanduka deti, sinthani kolamu yonse ikhale ya manambala kenako lembaninso odiyo, chifukwa kungosintha maonekedwe kumasiya nambala yaikulu yolakwika.

Malire olembedwa thumba lidakali lodzaza

Mu P2 lembani chigwa chimene mukafika muyenera kuima, mwachitsanzo 0.25, ndipo mu P3 ndalama zambiri koposa zimene mungathire pamwezi. Manambala awiriwa alembedwe tsiku loyamba, mtima uli m'malo, chifukwa munthu amene ali pansi pa chigwa amapeza zifukwa zosunthira malire alionse. Mu Q2 ikani:

```
=IF(MAX(L:L)>=P2,"IMANI","")
```

Mawuwo akaoneka, pa thumba lathu la K51,700 ndiye kuti K12,925 yapita kuchokera pa nsonga. Musakweze siteki ndipo musathire zina. Khalani masabata awiri osabetcha, kenako werengani zinthu zitatu: ngati yiludi yeniyeni ili pansi pa ya siteki yofanana, mtundu wa beti mu C umene wadya zambiri, ndi masiku amene siteki inadumpha. Ngati zothira za pa tsamba lachiwiri zadutsa P3 miyezi iwiri yotsatizana, kapena mwa ndalamazo muli ya ngongole, ya fizi kapena ya banki mkhonde, nkhaniyo yachoka pa masamu a yiludi. Tsegulani tsambalo pamaso pa mkazi wanu, mwamuna wanu kapena m'bale amene mumamukhulupirira, muwerenge naye mzere ndi mzere, ndipo mupemphe kampani kuti itseke akauntiyo.